Chikopa ndi mafupa m'paketi ya maswiti: jelatini amachokera kuti?

Aliyense amene anaphikapo mang'ina amadziwa zimene zimachitika msuzi ukagona mumphika m'miyezi yozizira. M'mawa mwake umapezeka utagwirana, ukunjenjemera ukaugwedeza, moti ungathe kuudula ndi supuni. Ukaubwezera pamoto umasungunuka n'kukhalanso msuzi. Zipalapasilo za nkhuku ndi mutu wa nsomba yaikulu zimachitanso chimodzimodzi zikabwata nthawi yaitali. Chimene chimagwiritsa msuziwo ndi jelatini, ndipo ndi yemweyo amene amachititsa kuti maswiti ofewa azitamuka m'kamwa, kuti jele wa paphwando aimirire m'mbale, ndi kuti mashimalo akhale ofutukuka.

Anthu ambiri amagula zakudya zimenezi poganiza kuti muli shuga, madzi a zipatso ndi utoto basi, pakuti sizinunkha nyama ndipo sizioneka ngati zinayandikirapo kubutchala. Koma jelatini weniweni amachokera kunyama nthawi zonse. Palibe mtengo, mbewu kapena ndere imene imamutulutsa. Kwa munthu amene amadya nyama iliyonse palibe choopsa apa, chifukwa jelatini ndi chakudya chabwinobwino. Koma kwa Msilamu, kwa wa mpingo wa Sabata amene sadya nkhumba, kwa Mhindu amene sadya ng'ombe, kwa Mrasta ndi wina aliyense amene anasiyiratu nyama, funso lakuti jelatini wa m'switi anachokera kunyama yanji ndi lalikulu. Yankho lake silipezeka polawa kapena poyang'ana switiyo.

Kuchokera ku chikopa kufika ku ufa

M'thupi la nyama muli puloteni yolimba yotchedwa kolajeni, imene imamanga chikopa, mafupa ndi mitsempha yolumikiza mnofu ku fupa. Kolajeni ali ngati chingwe cha nkhosi zitatu zopotana, ndipo sasungunuka m'madzi ozizira. Akaphikidwa nthawi yaitali nkhosizo zimamasuka n'kusambira m'madzi payokhapayokha. Madziwo akamazizira, nkhosi zija zimayamba kukolananso apa ndi apo, n'kutsekera madzi pakati pawo. Kolajeni womasukayu ndiye jelatini.

Mafakitale amamupanga kuchokera ku zinthu zitatu makamaka: zikopa za nkhumba, zikopa za ng'ombe, ndi mafupa a ng'ombe ndi a nkhumba. Kumayiko a ku Ulaya gawo lalikulu kwambiri limachokera ku zikopa za nkhumba. Jelatini wa zikopa za nsomba aliko, koma ndi wochepa ndipo ndi wokwera mtengo. Pali mphekesera yakale yakuti amapangidwa ndi ziboda ndi nyanga. Zimenezi si zoona, popeza chiboda chenicheni ndi nyanga zili ndi puloteni ya mtundu wina, yofanana ndi ya tsitsi ndi zikhadabo. Ngakhale m'mang'ina, chimene chimagwiritsa msuzi ndi chikopa, mitsempha ndi mafupa a mwendowo.

Kakonzedwe kake kamatengera kulimba kwa chinthucho. Chikopa cha nkhumba ndi chofewa, choncho amachidula tizidutswa, kuchitsuka, n'kuchiviika m'madzi a asidi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Chikopa cha ng'ombe ndi chokhwima. Mbali yake yakunja imapita kokapanga nsapato ndi malamba, ndipo yam'kati imaviikidwa m'madzi a laimu kwa milungu ingapo, nthawi zina kupitirira miyezi iwiri. Mafupa amawaphwanya, kuwachotsa mafuta ndi madzi otentha, kenako kuwaviika mu asidi kuti mchere wowalimbitsa usungunuke, n'kutsala chinthu chofewa chimene ndi kolajeni pafupifupi yekhayekha.

Zikatero amazitsuka bwinobwino n'kuzithira m'madzi ofunda a madigiri 50 mpaka 60. Madzi oyambawa amatulutsa jelatini wamphamvu kwambiri komanso woyera. Amawakhuthula n'kuthiranso ena otentherako, kangapo konse, mpaka omaliza amayandikira kuwira ndipo amatulutsa jelatini wofooka ndi woderako. Msuzi umenewu amausefa, kuuphwetsa, kuutenthetsa kwambiri kwa kanthawi kochepa kuti tizilombo tife, kuuziziritsa, kuuumitsa ndi mpweya, kenako kuupera. Chotuluka ndi ufa wachikasu pang'ono kapena timapepala toonekera, topanda fungo ndi kukoma kulikonse. Mphamvu yake amaiyeza ndi nambala ya Bloom, dzina la Oscar Bloom amene anapanga chida choyezera mu 1925. Nambalayi imayambira cha pa 50 kufika cha pa 300, ndipo maswiti otamuka amafuna jelatini wa nambala yokwera.

Ufa wa nkhumba ndi ufa wa ng'ombe ukaikidwa pambali, palibe diso, mphuno kapena lilime limene lingausiyanitse. Ngakhale m'labotale ntchito imeneyi si yapafupi, chifukwa asidi, laimu ndi kutentha zimakhala zitawononga zizindikiro zambiri za nyamayo. Ichi ndiye chifukwa chake wogula amadalira zolembedwa pa paketi ndi kukhulupirika kwa wopanga.

Chifukwa chimene opanga maswiti amamukondera

Jelatini amasungunuka pa madigiri pafupifupi 35, pomwe thupi la munthu limatentha madigiri 37. Choncho jele amakhala wolimba pa supuni, koma akangofika pa lilime amasungunuka n'kutulutsa kukoma kwake konse nthawi imodzi. Zogwiritsa zochokera ku zomera sizichita zimenezi mofanana. Jelatini amatamukanso n'kubwerera m'malo mwake, ndi woonekera bwino moti utoto umawala, ndipo amagwira thovu kuti lisaphwe.

Kalekale jele anali chakudya cha m'nyumba za olemera a ku Ulaya, chifukwa ankafunika antchito obwatitsa miyendo ya ana a ng'ombe kwa maola ambiri n'kusefa msuziwo mobwerezabwereza. Ufa wogula unasintha zonsezi. Mu 1845 Peter Cooper wa ku Amereka analembetsa ku boma njira yopangira jele wa ufa, ndipo mu 1897 Pearle Wait wa m'tauni ya LeRoy m'dziko lomwelo anathirako kukoma kwa zipatso n'kumutcha Jell-O. Ku Jeremani, Hans Riegel anayambitsa kampani ya Haribo mumzinda wa Bonn mu 1920, ndipo mu 1922 anatulutsa switi yotamuka yooneka ngati chimbalangondo, kholo la tizimbalangondo timene tafala m'mashopu lero. Mashimalo poyamba ankapangidwa ndi utomoni wa mizu ya chomera china cha m'madambo, koma opanga anasiya chomeracho n'kutenga jelatini chifukwa ndi wotchipa ndiponso wosavuta kugwiritsa ntchito. Dzina la chomera linatsala, chomeracho chinachoka.

Komwe amapezeka ndi komwe sapezeka

Gulu loyamba ndi la maswiti ofewa otamuka: tizimbalangondo, tinjoka, timabotolo ta kola, timano ndi timilomo, ndi maswiti ooneka ngati tiana. Pafupifupi onsewa amadalira jelatini, pokhapokha paketi itanena zina. M'magalamu 100 a maswiti otere mumakhala magalamu pafupifupi 6 mpaka 8 a jelatini. Gulu lachiwiri ndi la zathovu. Mashimalo ndi madzi a shuga otakasidwa ndi jelatini mpaka atadzaza mpweya, choncho chilichonse chokhala ndi mashimalo m'kati chimalowa m'gulu lomweli: mazira a chokoleti a nyengo ya Pasaka, mabisiketi okhala ndi chofewa choyera kapena chapinki pamwamba, ndi maswiti athovu ooneka ngati nthochi.

Gulu lachitatu ndi la zotsekemera za patebulo. Jele wa m'kabokosi amene timasungunula ndi madzi otentha ndi shuga, jelatini, asidi wa zipatso, utoto ndi zokometsera. Mbale ya tirayifo, ija yosanjikiza keke, zipatso, jele, kasitadi ndi kirimu imene imaonekera pa Khirisimasi ndi paukwati, ili ndi jelatini chifukwa cha gawo la jelelo. Keke ya tchizi yosawotcha, imene imangolimba m'firiji, kawirikawiri imagwira ndi jelatini, monganso zotsekemera zambiri zathovu za chokoleti kapena za zipatso zomwe amagulitsa m'tizikapu. Chonyezimira chija chimene ophika makeke amathira pamwamba kuti keke iwale ngati galasi nthawi zambiri chimakhalanso ndi jelatini.

Gulu lachinayi ndi limene limapusitsa anthu ambiri, chifukwa jelatini amakhalamo pang'ono chabe kuti chakudya chikhuthale. Mayogati ena, makamaka ochotsedwa mafuta, ali naye, ena alibe. Ayisikilimu wina, maswiti ena otafuna okoma zipatso, timaswiti tina ta timbewu tonunkhira ndi chingamu china zili chimodzimodzi. Apa sungadziwe popanda kuwerenga.

Palinso zotsekemera zambiri zimene mwa chikhalidwe chake zilibe jelatini. Maswiti olimba oyamwa ndi a pakamtengo ndi shuga wophika basi, pokhapokha atakhala ndi chofewa pakati. Chokoleti chopanda chodzaza m'kati chilibe. Ufa wa kasitadi umakhuthala ndi sitachi wa chimanga, ndipo jamu amagwira ndi pekitini wa m'zipatso. Mandasi, zitumbuwa, chigumu, thofi wa mkaka ndi mtedza wokazinga ndi shuga sizifuna jelatini m'pang'ono pomwe.

Tiwerenge paketi imodzi

Titenge paketi ya tizimbalangondo ta Haribo, popeza timadziwika m'mayiko ambiri. Kumbuyo kwake kuli mndandanda wa zopangira, ndipo mndandanda wotere umayamba ndi chochuluka kwambiri n'kumatsika. Poyamba pali manyuchi a gulukosi, kenako shuga, ndipo chachitatu ndi jelatini, wolembedwa kuti "gelatine" kapena "gelatin". Kukhala kwake pachitatu kukusonyeza kuti ndi wochuluka kuposa madzi a zipatso amene ajambulidwa kutsogolo kwa paketi. Kumapeto kwa mndandanda kuli phula la njuchi, limene amapaka kunja kuti maswitiwo awale ndi kuti asamatirirane.

Tsopano tiyang'ane kabokosi kosonyeza zakudya za m'thupi. Kakusonyeza puloteni ya magalamu pafupifupi 7 pa magalamu 100 alionse. M'switi yopanda mkaka, mazira, mtedza kapena ufa wa tirigu, puloteni yochuluka chonchi ilibe kwina kochokera. Switi yofewa yopangidwa ndi pekitini kapena sitachi imasonyeza puloteni yosakwana ngakhale galamu imodzi. Chizindikiro chimenechi chimathandiza pamene mndandanda walembedwa m'chinenero chachilendo, koma chimangonena kuti jelatini alimo, sichitchula nyama yake.

Kuti tidziwe nyamayo tiyang'ane mawu oyandikana ndi dzina la jelatini. "Pork" ndi "porcine" ndi nkhumba, "beef" ndi "bovine" ndi ng'ombe, "fish" ndi nsomba. Ngati palibe lililonse mwa mawu amenewa, tiyang'ane dziko limene paketiyo inapangidwa. Tizimbalangondo ta Haribo topangidwa ku Jeremani timakhala ndi jelatini wa nkhumba, pomwe fakitale ya kampani yomweyo ku Turkey imagwiritsa ntchito jelatini wa ng'ombe wovomerezeka kuti ndi halali. Mapaketi awiriwa amafanana dzina, mtundu ndi chithunzi, ndipo angathe kukumana pa shelefu imodzi m'shopu yogulitsa katundu wakunja.

Phunziro la apa ndi lakuti dzina la switi silokwanira. Maswiti a Starburst a ku Amereka ali ndi jelatini, a ku Mangalande alibe. Maswiti a Fruit Pastilles a Rowntree's anali naye kwa zaka zambiri mpaka 2020 pamene anamuchotsa. Choncho mndandanda wa maswiti oletsedwa umene wina anakutumizirani pafoni ungathe kukhala woona m'dziko lina kapena m'chaka china, koma wolakwika pa paketi imene ili m'manja mwanu. Maswiti ambiri a m'magolosale athu ndi ochokera kunja, ndipo ambiri mwa iwo amachokera ku South Africa, kumene kuli fakitale yaikulu ya jelatini wa zikopa za ng'ombe ku Krugersdorp. Izi zimachititsa kuti jelatini wa ng'ombe akhale wofala m'katundu wa kumeneko, koma sizitsimikizira za paketi iliyonse.

Vuto lalikulu lili pa maswiti ogulitsidwa imodziimodzi kuchokera m'chidebe, pabenchi kapena pageti pa sukulu. Paketi yake inatayidwa kale, ndipo wogulitsa nthawi zambiri sadziwa zili m'kati. Mano angakuuzeni pang'ono: switi ya jelatini imatamuka n'kubwerera mukaitsina, ya pekitini imaduka msanga mukailuma, ya sitachi imamatirira m'mano. Koma opanga ambiri amasakaniza jelatini ndi sitachi, choncho munthu wosamala za nyama asadalire mano okha.

Powerengapo ndi bwino kudziwanso manambala awiri ena, ngakhale sali a jelatini. E120 ndi utoto wofiira wochokera ku tizilombo touma tokhala pa zomera zaminga za ku South America, ndipo E904 ndi utomoni wowalitsa umene tizilombo tina ta ku India ndi Thailand timatulutsa. Switi yopanda jelatini ingathe kukhala ndi chimodzi mwa izi.

Kumene chikhulupiriro chimalowerapo

Pakati pa akuluakulu a Chisilamu pali maganizo awiri. Ena amati chikopa chikadutsa mu asidi, laimu ndi moto mpaka kusanduka ufa wopanda fungo, chasandulika chinthu chatsopano, ndipo chiletso chakale sichichitsatira. Msonkhano wa akatswiri a malamulo a Chisilamu ndi a zachipatala umene unachitika ku Kuwait mu 1995 unatsamira ku maganizo amenewa. Ena ambiri amati kusinthako n'kosakwanira, popeza jelatini akadali puloteni yomweyo ya nyamayo, choncho wa nkhumba ndi woletsedwa, ndipo wa ng'ombe ndi wololedwa pokhapokha ng'ombeyo itazingidwa mwa lamulo. Pa maganizo achiwiriwa mawu akuti "bovine" paokha sakwanira, pamafunika chidindo cha halali cha bungwe limene munthuyo amalikhulupirira. Mabungwe opereka zidindo nawonso sagwirizana pa mfundo zonse, choncho Msilamu wofuna kutsimikiza amachita bwino kufunsa shehe wake za zidindo zimene angadalire.

Chidindo cha halali sichimuthandiza Mhindu kapena munthu wosadya nyama, chifukwa switi ya halali nthawi zambiri imakhala ndi jelatini wa ng'ombe. Iye afunefune paketi yonena poyera kuti mulibe chochokera kunyama. Pali chenjezo limodzi lofunika: zikuto zambiri za makapisozi a mankhwala ndi za jelatini. Munthu asasiye mankhwala amene dokotala wamulembera chifukwa cha nkhani imeneyi. Afunse dokotala kapena wogulitsa mankhwala ngati mankhwalawo alipo a mibulu kapena amadzi, ndipo apitirize kumwa pamene akudikira yankho.

Kukhitchini

Wophika amene akufuna jele wa jelatini akumbukire muyezo uwu: magalamu 10 a ufa, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaikulu, amagwiritsa theka la lita la madzi a zipatso. Ufawo uyambe wanyowa m'madzi ozizira pang'ono kwa mphindi zisanu, kenako usungunulidwe m'madzi otentha koma osawira, ndipo mbale ikhale m'firiji maola anayi kapena kuposerapo. Jele akakana kugwira ngakhale atagona m'firiji, wolakwa nthawi zambiri ndi chinanazi chosaphika kapena papaya. Zipatso ziwirizi zili ndi michere imene imadula puloteni, yomwe ija imachititsa kuti papaya afewetse nyama yolimba, ndipo imaduladula jelatini mpaka kulephera kukolana. Chinanazi cha m'chitini kapena chowiritsa sichivuta, chifukwa moto umapha micherewo.

Wofuna kupewa nyama ali ndi njira zingapo. Yodalirika kwambiri ndi aga, ufa wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere, wolembedwa kuti "agar" kapena E406, umene umapezeka m'mashopu ena a zakudya za Amwenye ndi Achitchaina. Supuni imodzi yaing'ono imagwiritsa kapu imodzi ya mamililita 250, koma ufawo uyenera kuwira ndithu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, apo ayi sugwira. Ubwino wake ndi wakuti umalimba popanda firiji ndipo susungunuka mpaka utafika pa madigiri pafupifupi 85, choncho mbale yake imapirira kutentha kwa mu Okutobala kumene kumasungunula jele wamba alendo asanafike. Kuipa kwake ndi kwakuti jele wa aga amasweka m'kamwa m'malo mosungunuka. Pekitini, E440, amachokera ku makoko a malalanje ndi maapozi, ndipo amapezekanso mwachilengedwe m'magwafa ndi m'malambe. Iye amafuna shuga wambiri ndi kuwawasa kuti agwire, n'chifukwa chake amayenera jamu ndi maswiti a zipatso. Karajinani, E407, nayenso ndi wa ndere ndipo amagwira bwino zamkaka.

Kwathu kuno anthu a zipembedzo zosiyana amadyera pamodzi paukwati, pachinkhoswe, pamaliro ndi paphwando la kusukulu, ndipo timadziwa kale kusiyanitsa miphika ya ndiwo kuti aliyense adye ndi mtima pansi. Ulemu womwewo ufike patebulo la zotsekemera ndi m'timatumba ta maswiti togawira ana. Mukamagula za phwando werengani kumbuyo kwa paketi, sungani paketiyo kuti mlendo wofunsa adziwonere yekha, ndipo ikani pambali mbale imodzi ya zipatso kapena ya kasitadi yopanda jele. Inu ogulitsa, musataye thumba limene maswiti anabweramo, ndipo wogula akafunsa za nyama imene ili m'kati, muonetseni zolembedwazo m'malo momutsimikizira zimene simunawerenge.